Zolakwika zimene ndapeza mu lipoti la ndalama zogwiritsidwa ntchito, Epulo mpaka Juni 2025

Bwana,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino. Monga munandiuzira Lolemba lapitali, ndayerekeza lipoti la miyezi itatu yapitayi ndi malisiti, mainvoisi komanso sitetimenti ya ku banki, ndipo ndapeza malo asanu ndi limodzi amene manambala ake sakugwirizana ndi mapepala. Lipotilo likusonyeza kuti ofesi yathu ya kuno ku Lusaka inagwiritsa ntchito K486,320.00, koma ndalama zenizeni ndi K457,802.80, kutanthauza kuti tinawonjezera K28,517.20. Ndikupempha kuti lipotili lisapite kaye ku msonkhano wa akuluakulu mpaka mutaona zimene ndalemba m'munsimu.

Cholakwika chachikulu chili pa lendi ya ofesi. Palembedwa K100,000, pamene lendi yathu ndi K25,000 pamwezi. Chinachitika n'chakuti lendi ya Julayi tinalipiriratu pa 27 Juni, ndipo chifukwa ndalamayo inatuluka ku banki mwezi usanathe, inalowetsedwa mu lipoti lino m'malo modikira lotsatira. Nambala yoyenera ndi K75,000, ndipo K25,000 yotsalayo ndaisunthira ku lipoti la Julayi mpaka Seputembala.

Chachiwiri n'chokhudza jenereta imene inakonzedwa mu Meyi, nthawi ija malaiti ankazima pafupipafupi. Okonzawo anatilipiritsa K12,000, ndipo atawonjezera msonkho wa VAT wa 16 peresenti, womwe ndi K1,920, invoisi yonse inakwana K13,920. Polemba lipoti, msonkhowo unawerengedwanso pamwamba pa K13,920, n'chifukwa chake pakuoneka K16,147.20. Payenera kulembedwa K13,920.00, ndipo kusiyana kwake ndi K2,227.20. Nkhani iyi ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa ya lendi, ngakhale ndalama zake n'zochepa, chifukwa ngati nambala yolakwikayi ndi imenenso inalowa m'mafomu a VAT a mwezi wa Meyi, ndiye kuti tinauza a ZRA kuti tinalipira msonkho woposa umene uli pa invoisi. Fomuyo sili m'manja mwanga, choncho ndikupempha chilolezo chanu kuti ndiione mawa m'mawa.

Invoisi ya mapepala ndi inki ya pulinta, ya K4,640, inalembedwa kawiri, poyamba pa 17 Epulo katundu atafika, kenako pa 24 Epulo titalipira. Ku banki ndalamayo inatuluka kamodzi kokha, choncho K9,280 isinthidwe ikhale K4,640.

Pa mafuta a galimoto a ulendo wa ku Chipata wa pa 14 Meyi palembedwa K8,730, pamene lisiti likunena K7,830. Apa manambala awiri oyambirira anangosinthana malo. Lisitilo ndi la mapepala aja amene amafufutika akakhalitsa m'galimoto padzuwa, ndipo ndinachita kuliyang'ana pafupi ndi windo kuti ndione bwino, koma mtengo wa lita imodzi ndi kuchuluka kwa malita zikuwerengekabe, ndipo ndikachulukitsa ziwirizi zikupereka K7,830. Ndalijambula kuti tikhale ndi kope lake lisanafufutikiretu.

Zolakwika ziwiri zotsalazo zinachepetsa ndalama m'malo mowonjezera. Vocha ya alawansi ya dalaivala pa ulendo womwewo wa ku Chipata, ya K2,400, sinalembedwe n'komwe, chifukwa inamatidwa kumbuyo kwa vocha ina m'fayilo ya ndalama zing'onozing'ono, ndipo mzere wa maalawansi uyenera kukhala K16,800 osati K14,400. Chomaliza ndinalakwitsa ndine, ndipo ndikupepesa. Nditawonjezera bilu ya madzi ya Juni, ya K1,850, pa mzere wa 42 mu Excel, sindinasinthe fomula yophatikiza ndalama zonse, moti biluyo ikuoneka pamndandanda koma sinawerengedwe. Fomula yakale ndi yokonzedwa ndi izi:

```
=SUM(F6:F41)
=SUM(F6:F42)
```

Tikaphatikiza, zofunika kuchotsa zakwana K32,767.20 ndipo zofunika kuwonjezera zakwana K4,250.00, motero tikutsala ndi K457,802.80 imene ndatchula poyamba ija. Ndikutsimikizireni kuti palibe ndalama imene yasowa, popeza chilichonse chimene chinatuluka ku banki ndi m'bokosi la ndalama zing'onozing'ono chili ndi pepala lake, ndipo vuto linali pakalembedwe basi.

Ndatumiza limodzi ndi kalatayi lipoti lokonzedwa, m'mene mizere yosinthidwa ndaipaka mtundu wachikasu, pamodzi ndi zithunzi za mapepala onse amene ndatchula. Lipoti lakale sindinalifufute, kuti muthe kuyerekeza awiriwa. Mukavomereza zosinthazi pofika Lachinayi masana, ndidzasindikiza lipoti latsopano kuti musayine tisanaweruke.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu pantchito,
Wothandizira wowerengera ndalama, ofesi ya ku Lusaka