Mawu otsekera kanema wa kasungidwe ka chimanga

Pamene tamanga thumba lomalizali, ntchito ya lero yathera pomwepa. Mwaona kuti thumba la PICS lili ndi matumba atatu, awiri apulasitiki m'kati ndi limodzi lolukidwa kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha mutafinya mpweya wonse, kuti anankafumbwe amene alowa pamodzi ndi chimanga abanike n'kufa popanda kuthira mankhwala. Mwaonanso botolo lija la mchere wouma: mukakhutchumula mchere ndi chimanga, mcherewo n'kumamatira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimangacho sichinaume, ndipo chiyenera kubwerera padzuwa. Chimanga choti chisungidwe nthawi yaitali chinyontho chake chisapitirire 13 peresenti, apo ayi chimachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimatha kukhala ndi poizoni amene satha ngakhale ufawo mutauphika.

Komabe zonse mwaonazi tachitira pakhomo limodzi kuno ku Dedza, kumene miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumachititsa kuti tizirombo tiswane msanga, akhoza kuonera kanemayu n'kunena kuti kwawo zinthu siziyenda chonchi, ndipo akhala akunena zoona. N'chifukwa chake ndikufuna kumva kuchokera kwa inu, ndipo funso langa ndi ili: chimanga chimene munakolola chaka chatha munachisunga motani, nanga anankafumbwe munayamba kuwaona mwezi uti?

Poyankha, chonde tchulani boma limene mukukhala, chifukwa yankho lopanda malo silithandiza mnzanu amene akufuna kudziwa ngati njira yanuyo ingagwire kwawo. Tchulaninso ngati munasunga chosatonola m'nkhokwe, kapena munatonola n'kuthira Actellic m'matumba wamba, kapena munagwiritsa ntchito matumba ngati awa. Mawu ochepa ndi okwanira. Munthu akalemba kuti ali ku Mchinji, anathira mankhwala mu Juni, koma pofika Novembala anayamba kuona ufa pansi pa matumba ndi kumva tizirombo tikutekenya m'kati usiku, wanena zambiri kuposa amene walemba kuti kanemayu ndi wabwino, ngakhale kuti mawu oyamikirawo timawalandira ndi manja awiri.

Makamaka ndikudikira mayankho a inu amene matumba amenewa sanakuthandizeni. Ogulitsa amanena ubwino wake wokhawokha, koma thumba lotere likangobooledwa ndi khoswe, kapena ndi kachitsotso kakuthwa kamene kanatsala m'chimanga, mpweya umalowa ndipo chitetezo chonse chimatha, pamene mwini wake akuganiza kuti chakudya chake chili bwino mpaka tsiku limene adzamasule mu Januwale. Ngati zinakuchitikirani, fotokozani mmene munadziwira ndi pamene munaika matumbawo, kaya pansi penipeni, kaya pamatabwa, kaya motsamira khoma. Enanso amati mtengo wa thumba limodzi ndi wokwera kwa banja limene lakolola matumba ochepa a makilogalamu 50, ndipo limeneli ndi dandaulo lomveka. Amene mwagwiritsa ntchito thumba lomwelo kwa zaka zingapo, tiuzeni ngati ndalama zanu zinabwerera.

Ndikudziwa kuti ambiri amene amasunga chimanga mwaluso ndi amayi ndi agogo athu amene sagwira lamya zamakono. Ngati mukuonera kanemayu muli nawo pafupi, afunseni funso lomweli ndipo mulembe yankho lawo monga mmene alinenera, ngakhale akatchula phulusa kapena masamba a nimu, chifukwa tikufuna tidziwe zimene anthu akuchitadi m'makomo. Mukhoza kulemba m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo tipeza wotithandiza kuwerenga. Chimene ndikupempha n'chakuti musalembe nambala ya lamya yanu poyera, komanso mukasiyana maganizo ndi mnzanu, mutsutse njira yake mwaulemu, popeza aliyense akulankhula za chakudya cha ana ake.

Mayankho anu ndiwerenga ndekha, ndipo mafunso ofunika ukatswiri ndikawapereka kwa alangizi a zaulimi a m'dera lino kuti tiyankhe zolondola. Kanema wotsatira ndi wa kasungidwe ka nyemba ndi khobwe, koma tisanakhudze nyemba tidzayamba ndi kuwerenga zimene mwalemba, boma ndi boma, kuti tione kumene anankafumbwe akufika msanga ndi njira imene ikupirira kumeneko. Lembani pansi pa kanemayu boma lanu, njira imene munasungira, ndi mwezi umene tizirombo tinaoneka. Zikomo kwambiri, tsalani bwino.