Kuwonerana chimangirizo: pepala la Fomu 3

Mutu wa sabata ino: Tsiku limene mvula inatitsekereza kumsika

Sinthanani makope ndi mnzanu wa pabenchi. Gwiritsani ntchito pensulo. Musamukonzere; ingodulani mzere kunsi kwa cholakwika, mwini wake akonze yekha. Kalembedwe ka mawu tidzaona tsiku lina.

Mgwirizano (lembani M m'mphepete)

1. Pezani mwininkhani wa chiganizo chilichonse. Kodi mneni akugwirizana naye? Samalani pamene mayina awiri ayandikana: "Gulu la anyamata anathawa" n'kulakwa. Mwininkhani ndi gulu, choncho "linathawa".
2. Kodi afotokozi ndi alowam'malo akutsata gulu la dzina? Timati dengu limene linanyowa, nsomba zimene zinatsala, katundu wathu.
3. Mayina ngati mbuzi ndi nyumba sasintha pochulukitsa. Ngati mnzanu wayamba ndi mbuzi imodzi, isasanduke "zinathawa" pamzere wachitatu.
4. Zinthu za magulu osiyana zikalumikizidwa ndi "ndi", mneni atenge zi-: "Dengu ndi mpeni zinasowa."
5. Ulemu usathere panjira. Amene wayamba ndi "agogo anafika" apitirize ndi "iwo", osati "iye".

Nthawi ya aneni (lembani N)

6. Nkhaniyi ndi ya zakale. Zungulizani aneni onse a m'ndime yachiwiri, chifukwa ambiri mumaterereka pamenepo nkhani ikayamba kukoma: "Tinafika pamlatho, madzi akusefukira ndipo tikubwerera." Kubwererako kunachitika kale, choncho "tinabwerera".
7. Kodi wasakaniza -na- ndi -da-? Asankhe chimodzi, "tinapita" kapena "tidapita", mpaka kumapeto.
8. Zochitika kawirikawiri kalelo zikhale ndi -nka-: "Tinkagula usipa Loweruka lililonse."
9. Musadule mzere pa mawu a m'mitengero. Amayi anati, "Ndikupita." Apa palibe vuto. Chimodzimodzi zoona za masiku onse, monga "Mtsinje wa Shire umachokera m'Nyanja ya Malawi."

Malire a ziganizo (lembani Z)

10. Werengani chapansipansi. Mpweya ukakutherani musanaone mpumiro, werengani "ndipo", "ndiye" ndi "kenako" amene alimo. Akapitirira awiri, sonyezani podula. Ena mwa inu mumalemba ndime yonse ngati chiganizo chimodzi, ndipo wochonga mayeso a MSCE sadzakufunsani pamene munafuna kupumira.
11. Kodi pali nthambi yosaima payokha imene yasiyidwa yokha? "Titafika kumsika." Titafika, kunachitika chiyani? Yang'anitsitsani ziganizo zoyamba ndi "chifukwa", "ngakhale" ndi "pamene".
12. Mpatuliro usagwire ntchito ya mpumiro: "Mvula inakata, tinanyamuka, amayi anakwiya."
13. Chilembo chachikulu poyamba, mfunsiro pafunso.

Mukatha, lembani dzina lanu pansi ndi chiganizo chimodzi cha mnzanu chimene chalembedwa bwino. Mukasemphana maganizo, musafufute. Kwezani dzanja ndibwere. Makope okonzedwa ndiwalandira Lachisanu, ndipo zizindikiro za pensulo zikhale zikuonekabe.