Lachisanu, 20 Seputembala: sabata yoyamba ku Sitandade 3

Mawu andithera. Madzulo ano ndimafuna kuyankha moni wa amayi a nyumba imene tikuchita lendi, pakamwa pangotuluka mpweya. Andiseka, n'kundipatsa madzi otentha a mandimu. Ndikulemba izi ndi tochi ya foni chifukwa ndikadikira mawa ndiyamba kudzikometsera nkhani.

M'rejisitala muli mayina 127. Tsiku limene anabwera ambiri linali Lachitatu, 118. Kukoleji anatiuza kuti boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, ndipo nambalayo ndinailemba pamayeso n'kukhoza. Lolemba nditaima pakhomo ndinaona makalasi awiri a mtundu umenewo atapanikizana m'chipinda chimodzi, onse pansi pa simenti yokumbikakumbika, mzere woyamba maondo atagunda khoma la bolodi. Malo anga oyendamo ndi kampata ka mapazi atatu. Pulani yanga inati "mphunzitsi azungulire m'magulu kuthandiza ophunzira". Ndizungulire podzera pati? Nditayesa ndinaponda chala cha mwana, analira, kalasi yonse inaseka, mphindi zisanu zinapita.

Ineyo ndinaphunzira motere, nanga ndidabwenji? Chiyambire 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu kuposa zipinda ndi aphunzitsi amene analipo, ndipo mpaka lero sitinawapezebe. Koma kale ndinkaona kalasi ndili pansi, ndiponso ndinkakhala kutsogolo chifukwa mayi anga ankandidzutsa m'mamawa. Sindinadzifunsepo kuti anzanga a kukhoma lakumbuyo ankamva chiyani.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi phunziro la masamu la Lachitatu, kuchotsera kobwereka. Ndinalikonzekera usiku wonse. Ndinalemba 52 kuchotsera 27 pabolodi, ndinaonetsa ndekha, tinachitira limodzi, monga momwe anatiphunzitsira. Ndikafunsa kuti "Tabwereka zingati?" chipinda chonse chimagwedezeka: "Imodziii!" "Mwamva?" "Eeee!" Mtima unali m'malo. Ndinaganiza kuti uphunzitsi ndinabadwa nawo.

Kenako ndinasonkhanitsa makope. Phunziro ndi la mphindi 35, ndipo ngakhale kope lililonse nditalipatsa theka la mphindi, makope 118 akufuna pafupifupi ola lathunthu, ndiye ndinawasenza pamutu kubwera nawo kuno. Okhoza samu zonse zitatu anali 31. Ambiri pa samu ija analemba 35 m'malo mwa 25. Poyamba ndinkangochonga zolakwa, mpaka 35 atandikwana ndinaima n'kuganiza. Anawa sakulota ayi. Akuona 2 pamwamba ndi 7 pansi, akudziwa kuti 2 sungachotsemo 7, ndiye akutembenuza: 7 kuchotsa 2, 5, kenako 5 kuchotsa 2, 3. Ali ndi lamulo lawolawo, ndipo akulitsata mokhulupirika kuposa langa. "Imodzi" imene ankakuwa ija inali nyimbo chabe. Ana khumi akutsogolo amayambitsa, ena onse amangolandira ngati kwaya.

Makope 14 munalibe yankho ngakhale limodzi. Limodzi mwa amenewa ndi la mtsikana wamtali amene amakhala pakona, pafupi ndi matsache. Zolemba zake n'zokongola kuposa zanga. Anakopera deti, mutu, samu zonse, mpaka mzere wokhota umene choko chinanditerereka. Dzulo pa nthawi ya phala ndinamuitana, n'kumulozera liwu loti "masamu" m'kope mwake momwemo kuti awerenge. Anayang'ana pansi. Ndinaphimba mbali ina n'kusiya "ma". Anati "a". Sitandade 3 akuibwereza kachiwiri, ndipo Pulogalamu ya boma ya Kuwerenga imene inayamba mu 2016 cholinga chake n'chakuti mwana wotere azikhala atadziwa maliwu ndi maphatikizo kalekale. Iye amajambula malembo ngati maluwa. Ndikanapanda kumuitana ndikanamuyesa mmodzi wa anzeru, chifukwa sasokosa ndipo kope lake ndi laukhondo. Chandipweteka kwambiri n'chakuti dzina lake ndinachita kuliwerenga pachikuto. Masiku anayi ali m'kalasi mwanga ndinkangomutchula kuti "iwe wakumbuyo".

Amentala anga, mphunzitsi wondiyang'anira, mayi amene agwira choko zaka zoposa makumi awiri, anaonerera phunziro lija ali pampando pakhomo. Sananene kanthu mpaka ana ataweruka. Ndiye anati, "Achimwene, mwaphunzitsa bwino ana a mizere itatu. Enawo mudzawaphunzitsa liti?" Ndinayamba kudandaula za kuchuluka kwa ana, iwo anangogwedeza mutu. Anati funso loti "mwamva" ndilisiye, palibe mwana wa Sitandade 3 amene angayankhe kuti ayi. Anatinso ndisamakuwe. Iwo akafuna bata amaomba m'manja katatu, ana n'kuyankha kawiri, basi zii. Ine sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi makosi 118 ndi khosi langa limodzi, n'chifukwa chake ndikumwa mandimu.

Pali china chimene sindinagwirizane nawo, ngakhale sindinawauze. Anati ana ngati mtsikana uja "amadzasiya okha", ndisataye nawo nthawi yambiri. Mwina zaka zawaonetsa zimenezo. Koma sabata imodzi yandichepera kuti ndiyambe kulankhula choncho.

Lero ndinabwereza phunziro lija ndi timitengo. Za TALULAR, zophunzitsa ndi zipangizo zopezeka m'dera momwemo, kukoleji ndinkaziona ngati zongokongoletsera fayilo kuti alekichara akapereke malikisi, koma dzulo ndinatuma ana kuti aliyense abwere ndi timitengo, tinamanga mitolo ya khumikhumi ndi luzi. Mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, chotsani 27. Mnyamata wina wovuta, amene Lachiwiri ndinamulanda mpira wa mapepala, anakuwa kuti, "Aphunzitsi, tiwiriti sitikwana, timasule mtolo!" Kubwereka kumene ndinalephera kufotokoza ndi choko anakunena yekha. Sikuti zonse zinayenda. Magulu anali a ana 12, ogwira timitengo anali atatu kapena anayi, ena amakwapulana nato, ndipo luzi linathera pansi. Nthawi inatha ndisanapereke ntchito yolemba, moti sindikudziwa ngati 35 uja wachepa. Ndinayesanso zoti aliyense alembe yankho ndi kukweza kope m'mwamba. Kutsogolo ndimaona bwinobwino, koma kuyambira pakati mapensulo saoneka, ena alibe n'komwe, amadikira mnzawo amalize.

Mabuku a Chichewa ndi 40, ana atatu buku limodzi, ndipo wokhala kumapeto amaliwerenga chammbali. Kuitana mayina kumadya mphindi khumi za phunziro loyamba. Ikakwana 10 koloko malata amatentha, fungo la thukuta ndi fumbi limadzaza chipinda, ang'onoang'ono amayamba kusinza atatsamira anzawo. Phala likachedwa palibe chimene chimalowa m'mutu. Maso onse amakhala pa makapu.

Mnzanga amene ndikugona naye chipinda chimodzi ali ku Sitandade 7, ana 64, ndipo akudandaula. Ndinangomuyang'ana. Komanso n'zoona kuti anzawo amene anayamba nawo sukulu sanasamukire kwina, anatsalira m'njira, ndipo ambiri anatsalira m'makalasi ngati langali.

Lolemba ndisintha makhalidwe: mizere itatu yakumbuyo ibwere kutsogolo, ndipo tizisinthana tsiku lililonse. Ndisiya kanjira pakati, ndikalemba malire ake ndi choko pansi ana asanalowe. Ana 14 aja amentala avomera monyinyirika kuti ndizitsala nawo mphindi 20 akaweruka, tiyambire pa a, e, i, o, u. Mayina ndagwira 43 okha. Ndajambula mapu a kalasi kumapeto kwa kope lino, ngakhale ndikasintha mizere mapuwo asokonekeranso. Sikimu ya sabata yamawa sindinayambe, choko chatsala timaduka tinayi, ndipo makope a Chingerezi 109 ali pamphasa apa akundidikira.