Wilo ya Esinati Nambewe Kamwendo

Ine Esinati Nambewe Kamwendo, wobadwa mu 1951, wokhala ku Linthipe kwa Mfumu Yaikulu Kaphuka m'boma la Dedza, ndikulemba wilo iyi lero pa 14 Malichi 2024. Mutu wanga ukugwira bwino ndipo palibe wandikakamiza. Pepala lililonse limene ndinalemba kale lonena za chuma changa ndalifafaniza.

Ndinagwira choko kuyambira 1973 kufikira pamene ndinapuma mu 2011, ndipo kupatula munda wa makolo, zonse zimene ndikugawa pano zinachokera m'malipiro a uphunzitsi ndi m'khasu. Amuna anga anatsogola, ana anga awiri aakazi, Mere ndi Loveness, nawonso anatsogola. Watsala ndi Yohane amene ali ku Joni. Iye ndinamuphunzitsa mpaka ku koleji ndipo ng'ombe zitatu za bambo ake anatenga kale. Tinakambirana pa Khirisimasi yapitayi, anavomera kuti zotsalazi zipite kwa adzukulu anga asanu: Tadala, Chikondi, Mphatso, Limbani ndi Takondwa.

Woyendetsa chuma changa akhale mlongo wanga Fanuel Kamwendo, mwini mbumba wathu. Akalephera, udindowu ugwere Yohane. Asanagawe kalikonse ayambe walipira za maliro ndi ngongole ngati ilipo. Bokosi likhale la matabwa wamba lokhoma akalipentala a pa Linthipe pompano, ndipo mundiike pafupi ndi amayi anga. Ndalama za sukulu za ana musathere pa nkhata za maluwa.

Nyumba yanga ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu, pamodzi ndi khitchini ndi nkhokwe, ndikupereka kwa Tadala. Ena mudzati ndakondera, choncho ndifotokoze. Chaka chimene ndinathyoka mwendo, Tadala anasiya ntchito yake yosoka ku Lilongwe nadzakhala nane miyezi isanu ndi iwiri, kundisambitsa ndi kundinyamula kupita kuseri, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Komabe nyumbayi isagulitsidwe kapena kuchititsidwa lendi mpaka Takondwa, amene ndi chitsirizira, atakwanitsa zaka 18, ndipo chipinda chakum'mawa chikhale chake nthawi yonseyo. Mdzukulu wanga aliyense zikamuvuta kumene ali, Tadala amutsegulire chitseko.

Munda wa maekala anayi unali wa amayi anga, ndi malo a makolo, ndipo a nyakwawa akudziwa malire ake. Si wogulitsa. Kuchokera pa msewu kufika pa chulu chachikulu azilima Chikondi. Kuchokera pa chulu kufika pa mzere wa khonje kumunsi azilima Mphatso. Mango atatu a boloma ali pamalire aja ndi a onse, musadzakanganirane. Dimba la kudambo ndikusiyira Limbani, chifukwa ndiye yekha amene ndinamuona akudzuka mbandakucha kukathirira tomato popanda womutuma. Mbuzi zimene zidzapezeke m'khola agawane atatuwa mofanana, yotsala idyedwe pa sadaka.

Ndalama zanga zili pawiri: ku National Bank kuli pafupifupi K3,600,000, ku SACCO ya aphunzitsi kuli masheya ndi zosunga zokwana K1,200,000. Mabuku ake onse ali m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, kiyi ali m'chitini cha mabatani. Theka la ndalama zonsezi lisungidwe kuti likhale fizi, yunifolomu ndi mayeso a Limbani ndi Takondwa mpaka atalemba MSCE. Ndalamazo zizilipiridwa kusukulu mwachindunji, malisiti azisungidwa kuti aliyense wofuna awaone. Zikatsalako, awiriwa agawane akakwanitsa zaka 18. Theka linalo agawane asanu onse mofanana, ndipo magawo a ang'onoang'ono asungidwe ku banki m'maina awo. Mdzukulu wina akanditsogolera, gawo lake lipite kwa ana ake, akakhala wopanda mwana ligawidwe kwa otsalawo.

Makina osokera a Singer ndi a Tadala. Njinga ndi ya Mphatso, wailesi ndi ya Chikondi. Baibulo langa ndi buku la nyimbo atenge Takondwa, koma asachotse timapepala tili m'katimo. Mabuku a m'kabati mukapereke ku sukulu ya pulaimale kumene ndinapumira. Zovala ndi zitenje agawane amayi a Chigwirizano.

Kwa abale a kuchimuna ndikuti, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Wobwera ndi ngolo kudzatola mipando, a Fanuel akamunenere kupolisi, ngakhale akhale wamkulu bwanji.

Kope lina la wilo iyi ndikasungitsa ku ofesi ya DC ku Dedza.

Ndasaina pamaso pa mboni ziwiri zimene zinali pamodzi nthawi imodzi, ndipo palibe mwa izo wolandira kanthu mu wilo iyi.

Esinati Nambewe Kamwendo

Ife tamuona akusaina, ndipo nafenso tasaina iye akuona:

Wilisoni Chadza, mkulu wa mpingo, Linthipe

Gladesi Mbewe, namwino wopuma ntchito, Dedza