Kwa amayi anga, Naphiri, pa tsiku la anakubala

Amene mukuwaona pachithunzipa ndi amayi anga, Naphiri, a kwa Santhe ku Kasungu. Lero pa 15 Okutobala ndiloleni ndiwathokoze pagulu, chifukwa ndikangoyamba nkhaniyi pamaso pawo amandidula pakamwa, amati, "Basi mwanawe, zinapita zimenezo."

Amayi, abambo atatisiya mu 2001 tinalipo ana anayi, chitsirizira ali kumsana. Misozi isanaume, achibale anabwera kudzatenga ngolo, ng'ombe ziwiri ndi njinga. Anakusiyirani khasu ndi ife. Musanapume n'komwe kunagwa njala ija ya 2002, imene anthu a ku Kasungu saiiwala mpaka lero. Munkalawirira tambala woyamba kukasoka fodya ku esiteti, malipiro ake kambale ka madeya. Madzulo mukatipakulira, inu munkakhala chapatali n'kumati mwadya kale kuganyu. Ine ndinali ndi zaka 9, ndinkakhulupirira. Ndinadzazindikira nditakula kuti kuganyuko kunalibe chimene munkadya.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi mfundo ija ya kunsonga kwa chitenje chanu. Ndalama zonse za zitumbuwa ndi tomato zinkagona m'menemo. Nditasankhidwa kupita ku Fomu 1, munakhala pamphasa, n'kumasula mfundoyo ndi mano poti inali itathina. Munawerenga kawiri, zitsulo zokhazokha, ndipo sizinakwane. Simunanene kanthu. M'mawa mwake ndinakuonani mutasenza thumba la mtedza umene munasungira mbewu, ulendo wa kumsika. Mudzabzala chiyani mvula ikagwa, ndinafunsa. Munangoti, "Iwe kaphunzire, za kumunda n'zanga."

Anthu sanaleke kulankhula. Ena ankati mukwatiwenso, ena ankati atsikanafe tipite kubanja kuti katundu akupepukireni. Munawakanira mwaulemu, koma munawakaniradi. Ndipo musaganize kuti tinaleredwa monyengereredwa, ayi ndithu. Wojomba kusukulu ankadziwa yekha chimene chikumudikira kunyumba, ngakhale achimwene ndi msinkhu wawo wonse uja.

Lero achimwene akuphunzitsa ana a anthu, ine ndili pantchito ku Lilongwe, wachitatu ali ndi golosale yake, ndipo uja munkapita naye kumunda ali kumsana wamaliza koleji. Dzina lanu mumalemba movutikira, koma ana anayi tonse tinakhoza mayeso a Fomu 4.

Zikomo amayi. Mulungu akusungeni, mudyerere thukuta lanu mukadali ndi mano.

Tikufika masana ano ndi adzukulu anu. Chitenje ndagula, chawakisi chenicheni, ndipo ichi chokha musachibise m'sutikesi kudikira ukwati wa munthu, muchivale. Nkhuku ija musavutike nayo, tidzaphika tokha. Mbale yoyamba ndi yanu, ndipo palibe adzasambe m'manja tisanakuoneni mukudya.