Kalata kwa Bambo Chikopa pa nkhani ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi

Luchenza, Thyolo
12 Ogasiti 2025

Okondedwa Bambo Chikopa,

Ndikhulupirira kuti inu ndi mayi kunyumba muli bwino. Ndine namwino amene ndimakuyezani pa kiliniki ya Lachitatu, ndipo ndakulemberani chifukwa kaundula wathu akuonetsa kuti munabwera komaliza mu Meyi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene akupatsireni kalatayi ili yomata, anandiuza kuti atakuchezerani munati mapiritsi munasiya kumwa popeza mutu unaleka kuwawa ndipo kumunda mukulima ngati kale.

Zoti mukupeza bwino ndikukhulupirirani, ndipo zandikondweretsa. Koma ndikupempha kuti mutsegule buku lanu la kuchipatala muone zimene tinalembamo. Tsiku loyamba lija, mu Febuluwale 2024, makina anaonetsa 172 pa 104, pamene munthu timati magazi ake akuthamanga kwambiri manambala akamafika 140 pa 90 kapena kuposerapo. Mutamwa amulodipini tsiku lililonse kwa miyezi itatu, tinapeza 132 pa 84, ndipo ndikukumbuka mmene munasekera tsiku limenelo. Manambala abwinowo anali ntchito ya piritsi lija. Mankhwalawa amafewetsa mitsempha ya magazi kuti magazi azidutsa mosavuta, koma sachotsa matendawo m'thupi monga amachitira mankhwala a malungo, amene munthu amamwa masiku atatu n'kuthana nawo. Mphamvu yake ikatha m'thupi, patangopita masiku ochepa magazi amayambanso kukwera.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti matendawa nthawi zambiri samveka m'thupi. Anthu ambiri amene timawapeza ndi manambala okwera amakhala atabwera ndi chifuwa kapena bala la pamwendo, alibe chizungulire kapena litsipa. Inu mumadziwa mmene chiswe chimadyera mzati wa nkhokwe: kunja mtengo umaoneka wolimba, mpaka tsiku limene chimanga chadzaza ndipo nkhokwe yagwa. Magazi akamapanikiza mitsempha usana ndi usiku, mtima umagwira ntchito yoposa mphamvu zake mpaka kukula ndi kutopa, impso zimaonongeka pang'onopang'ono, maso amayamba kuchita chidima, ndipo mtsempha wa mu ubongo ukhoza kutsekeka kapena kuphulika, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi. Ndasamalirapo abambo a msinkhu wanu amene dzulo lake anali kumunda, m'mawa mwake n'kubwera atanyamulidwa, pakamwa patapotoka. Sindikulemba izi pofuna kukuopsezani, koma ndikanalakwa ndikanakubisirani.

Mwina palinso zifukwa zina zimene simunanene. Amulodipini amatupitsa mapazi mwa anthu ena, ndipo ngati zinakuchitikirani, mudzatiuze mosabisa, chifukwa alipo mankhwala a mtundu wina amene adokotala angakusinthireni. Ngati vuto ndi mtunda, kapena kujomba ku ntchito nyengo yothyola tiyi ikafika, tidzakambirane za tsiku lokuyenerani. Ndipo ngati pali mankhwala azitsamba amene mukumwa, mudzawatchule, sitidzakudzudzulani.

Chonde mubwere Lachitatu pa 20 Ogasiti m'mawa, mutatenga buku lanu ndi mapiritsi onse otsala. Tidzakukhazikani pansi mphindi zisanu kuti mupume, kenako tidzakuyezani, ndipo manambalawo mudzawaona ndi maso anu. Musamwe mapiritsi ambiri nthawi imodzi poganiza kuti mukubwezera masiku amene munadumpha, chifukwa magazi akhoza kutsika kwambiri inu n'kugwa. Mayi akunyumba mukhoza kubwera nawo, makamaka kuti tidzakambirane za mchere wa m'ndiwo, chizolowezi chothira mchere wina pambale, ndi nsomba zouma za mchere wambiri zimene ndi bwino kuziviika kaye m'madzi zisanaphikidwe. Kuchepetsa mchere, mowa ndi fodya kumathandiza ndithu, koma pa manambala amene munayamba nawo, sikungalowe m'malo mwa piritsi.

Tsikulo lisanafike, mukaona dzanja kapena mwendo walefuka mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, mawu akuvuta kutuluka, pachifuwa pakupweteka, mukubanika, kapena mutu ukuwawa kwambiri maso n'kumachita mdima, musadikire Lachitatu kapena kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo zizindikirozi muwawerengere a m'nyumba mwanu lero lomwe kuti nawonso azidziwe.

Ngati pa 20 simungathe, muuzeni mlangiziyo tsiku lina, ine ndidzalilemba m'kaundula.

Ndine wanu wokufunirani zabwino,

Mayi E. Makwinja
Namwino