Apilo pa Chigamulo Chokana Kulipira Opaleshoni ya Ndulu

18 Marichi 2025

Kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Madandaulo ku Kampani ya Inshuwalansi

Wokondedwa Bwana kapena Mayi,

Ndalemba kalatayi potsutsa chigamulo chimene chili m'kalata yanu ya pa 4 Marichi 2025, chokhudza pempho la malipiro nambala 4471902, momwe mwakana kulipira opaleshoni yochotsa thumba la ndulu imene ndinachitidwa pa 11 Febuluwale, ponena kuti sinali yofunikira pa zaumoyo popeza vutoli likanatheka ndi mankhwala komanso kusintha kadyedwe.

Njira imene mukunenayo inayesedwa kale ndipo inakanika. Kuyambira mu Okutobala chaka chatha, pamene madokotala anapeza miyala m'thumba langa la ndulu, ndinasiya zakudya zamafuta ndipo ndinkamwa mankhwala opha ululu monga anandilamulira, koma ululu wa pansi pa nthiti za kumanja, womwe unkalasa mpaka kuphewa, unkabwerabe mowirikiza. Usiku wa pa 9 Febuluwale ndinagonekedwa m'chipatala ndikusanza, thupi litatentha kufika madigiri 38.9, ndipo dokotala atandidina pamalopo n'kundiuza kuti ndikoke mpweya, ndinalephera kumaliza chifukwa cha ululu. Sikani inaonetsa mwala utatseka khomo la thumbalo, khoma lake litatupa kufika mamilimita 6, pamene labwinobwino silipitirira mamilimita 3, ndipo maselo oyera a m'magazi anali atachuluka, kusonyeza kuti matenda alowa.

Mankhwala opha tizilombo amachepetsa kutupa, koma sachotsa mwala. Dokotala wa maopaleshoni analemba momveka bwino kuti kudikira kukanandiika pa chiopsezo choti thumbalo liole kapena kubooka, kapenanso kuti mwala utsikire m'njira ya ndulu n'kubweretsa chikasu. Chimene chandipweteka mtima n'chakuti kalata yanu sikutchula sikaniyi ngakhale pang'ono, zomwe zikundichititsa kukhulupirira kuti amene anagamula sanaione.

Ndaphatikiza lipoti la sikani, zotsatira za magazi, kalata ya dokotala wa maopaleshoni, chikalata chonditulutsira m'chipatala ndi bilu yonse.

Pempho langa ndi lakuti nkhaniyi iunikidwenso ndi dokotala wodziwa za maopaleshoni a m'mimba amene sanatengepo mbali pa chigamulo choyamba, ndipo ngati pali chimene sichikumveka, alankhule mwachindunji ndi dokotala amene anandithandiza, yemwe wavomera kale kutero. Mukaona kuti chigamulocho chikhalebe, mundilembere ndime yeniyeni ya mgwirizano wathu imene mwatsamirapo, pamodzi ndi mfundo zachipatala zimene mwagwiritsa ntchito, kuti ndikapereke nkhaniyi ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi.

Chipatala chayamba kale kundikumbutsa za ngongoleyi, choncho ndikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi.

Ine wanu wokhulupirika,
Mwini mgwirizano wa inshuwalansi nambala 820563